Sono kapena ho: zoti aneni oyenda onse ndi essere musazimvere

"Abale muli ku Italiya kuno ndithandizeni, mayeso a Chitaliyana a B1 ayandikira koma passato prossimo yandizunguza mutu. Ndidziwa bwanji poika sono ndi poika ho? Nanga mawu achiwiri aja bwanji pena akuthera -o, pena -a, pena -i? Aphunzitsi athu akungoti aneni oyenda onse ndi essere basi."

Iii achemwali, lamulo limenelo lithaweni, ndi lomwelo linandigwetsa ine mayeso omwewo ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umachita kuwawa. Ifenso aphunzitsi athu a kalasi yamadzulo, bambo ena ake odzimva kwambiri, anajambula kanyumba pa bolodi, kamunthu kakulowa, kakutuluka, kakukwera masitepe, nkutiuza kuti chilichonse choyenda ndi essere, kutanthauza sono, zotsalazo avere, kutanthauza ho, mwamaliza. Ndinakweza mkono ndithu kufunsa kuti nanga bwanji agogo amene ndimawasamala aja amati ho camminato, kuyenda kumene, iwo kungoseka nkunena kuti nkhalamba za kuno zimasakaniza ndi chiyankhulo cha kumudzi kwawo ku Bergamo musamazimvere. Bodza lenileni! Agogo aja amayankhula zolondola, wolakwa anali mwini choko.

Tsiku la mayeso oyankhula linafika, kachipinda kakang'ono, mayi woyesa wakhala uko, kojambulira mawu kali patebulo kakuyaka kanyali kofiira. Akuti tandiuzeni zimene munachita Lamulungu lapitali. Ine mumtima ndikuti apa ndiye ndadya, ndinayamba bwinobwino, mi sono svegliata alle sette, sono andata a messa, mayi aja akugwedeza mutu. Kenako ndinati sono camminata con un'amica, ndiye ndinaona cholembera chikutsika papepala. Sanayankhule kanthu, samakukonza pamayeso, anangolemba kenakake. Ndinapitiriza, siamo passeggiate in centro, cholembera chatsikanso. Apo thukuta linayamba kuyenderera kumsana ngakhale kunja kunali chisanu choopsa, mutu unandiuza kuti ndiye kuti essere yense ndi wolakwika, ndinatembenuza zonse kupita kwa avere, ho tornato a casa, ho rimasto, mpaka mi ho lavato, zinthu zoti tsiku lililonse kunyumba ndimazinena bwino. Ndimadzimva ndekha kuti ndikuphwanya koma pakamwa sipamaima, mapeto ake ndinangoti zii kuyang'ana kanyali kofiira kaja. Mayeso a B1 ofunsira unzika amene ndinalemba ine ukalephera gawo limodzi umabwereza onse, ndiye mayuro pafupifupi 100 anapita, kudikira zotsatira, kudikiranso tsiku lina lolembera, mapepala a unzika ali phee m'kabati poti kuyambira 2018 popanda B1 salandira. Nditabwerera kukawauza aphunzitsi aja mukudziwa anati chani? Akuti eee pali ochepa opatuka pa lamulo, ndimati ndidzakuuzani kutsogolo. Kutsogolo kwake kuti, mayeso atadutsa?

Nkhani yake ili chonchi. Essere safuna kuyenda kulikonse ayi, amafuna kuti munthu wachoka pena wafika pena, kapena wasintha mmene analili, kapena wangokhala pomwepo. Andare, venire, arrivare, partire, tornare, entrare, uscire, cadere, onsewa ali ndi kochokera kapena kofikira. Pomwe camminare, passeggiare, viaggiare, nuotare, ballare amangonena ntchito imene thupi limagwira osatchula kuti wathera kuti, ndiye ndi ho camminato, abbiamo passeggiato, ho viaggiato, ho nuotato. Taonani viaggiare, munthu wakwera ndege kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Addis mpaka ku Malpensa, wayenda kuposa wina aliyense, koma ndi ho viaggiato tutta la notte, kenako potera pamene ndi sono arrivata. Ndiye mbali inayo muli aneni oti sayenda ngakhale pang'ono koma ndi a essere, restare, rimanere, stare, essere mwini wakeyo (sono stata), nascere, morire, diventare, succedere, costare, piacere. Kufa nako nkuyenda? Kanyumba ka pa bolodi kaja kakanati chani pamenepo.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi kafunso kamodzi aka, ukanena mneni uja dzifunse kuti "chani?" kapena "ndani?", ngati yankho likubwera molunjika popanda a, da, in, su pakati, ameneyo ndi avere, kupatula aneni ngati essere, diventare ndi costare aja. Ndadya chani, ho mangiato la pasta. Ndaona ndani, ho visto Maria. Kafunsoka kamagwira mbali imodzi yokha chonde, kakapeza yankho ndi avere, koma kakapanda kupeza sizitanthauza kuti ndi essere, poti dormire, lavorare, parlare, ridere, telefonare alibe "chani" koma ndi ho dormito, ho lavorato. Pamene kamakoma zedi ndi pa aneni a nkhope ziwiri aja, amene pamayeso olemba amawakonda koopsa. Ho finito il lavoro, ndamaliza chani, ntchito, avere. Koma la lezione è finita, kalasi yatha yokha palibe chimene yamaliza, essere. Chimodzimodzi ho cominciato il corso ndi il corso è cominciato, ho cambiato casa ndi Milano è cambiata, ho passato una bella giornata ndi sono passata da te. Ngakhale masitepe, ho salito le scale koma sono salita sul treno. Correre ndiye amaonetsa bwino zomwe ndanena pamwambapa, ho corso per un'ora ndi kungothamanga kolimbitsa thupi, sono corsa in ospedale ndi kuthamangira malo.

Aneni odzichitira wekha aja, a mi ti si ci vi si, onse ndi essere palibe kukambirana, ngakhale kafunso kaja kayankhe. Ho lavato i piatti, koma mi sono lavata le mani, manjawo ndi "chani" ndithu koma poti pali mi wodzichitira, essere walanda. Mi ho lavato yanga ija khutu la Mtaliyana limamva kuwawa kuposa zina zonse.

Tsopano za mathero. Ife vuto lathu ndi loti kwathu "ndapita" ndi "ndapita" kaya ndiwe bambo kaya mayi, ndiye pakamwa sipanazolowere. Ukaika essere, mawu achiwiriwo amatsata amene wachitayo, bambo mmodzi -o, mayi mmodzi -a, abambo angapo -i, amayi okhaokha -e. Inu achemwali muziti sono andata, sono nata, sono stata, amuna anu aziti sono andato. Inu ndi mnzanu wamkazi siamo andate, koma pakangolowa mwamuna mmodzi ngakhale kamwana ka m'manja pakati pa amayi khumi basi ndi siamo andati, musandifunse chilungamo chake. Ndipo si anthu okha, il treno è partito, la lettera è arrivata, i documenti sono arrivati.

Piacere ndi amene amapha anthu ambiri chifukwa amatsata chinthu chokomacho osati iwe wokomedwa. Ine ndine mayi koma ndimati mi è piaciuto il film, poti film ndi yachimuna. Bambo naye amati mi è piaciuta la festa. Zikachuluka, mi sono piaciute le scarpe. Ho piaciuto ayi, musayerekeze.

Ukaika avere mawu aja amangokhala pa -o osasuntha, Maria ha mangiato, le ragazze hanno mangiato, musamati ho mangiata chifukwa choti ndinu mayi, ambiri akangodziwa za -a amayamba kumuwaza paliponse. Amasuntha pokhapokha kutsogolo kukabwera lo, la, li, le kuimira chinthu chomwe chatchulidwa kale. Apa bola ife sitivutika kwenikweni poti timanena kale kuti ndawaona, ndaziona, ndachiona, kachinthu kaja kali mkati mwa mneni. Agogo anga ankandifunsa mmawa uliwonse, hai preso le medicine? Yankho sì, le ho prese. Hai visto gli occhiali? Li ho visti sul tavolo. Hai chiamato mia figlia? Sì, l'ho chiamata. Pa l'ho paja ndi pofunika kusamala chifukwa lo ndi la onse amafupika kukhala l', ndiye mathero okhawo ndi amene akuuza womvera kuti l'ho visto ndi mwamuna, l'ho vista ndi mkazi. Li ndi le safupika. Ndiye pali msampha wina, le ali pawiri, wina amatanthauza "kwa mayiyo", ameneyo sasintha kanthu, le ho parlato, le ho telefonato, poti ndi parlare a, telefonare a. Ukalemba le ho telefonata wagwa. Ne nayenso amakoka, quante mele hai comprato, ne ho comprate tre. Za mi, ti, ci, vi musadwale nazo mutu, mi ha visto ndi mi ha vista zonse zimaloledwa.

Tiyeni Lamulungu langa lija tilikonze muone mmene zimalumikizirana. Mi sono svegliata alle sette, wodzichitira, essere, -a. Sono andata a messa, kofikira kulipo. Ho incontrato un'amica, ndakumana ndi ndani, avere, -o sasuntha ngakhale mnzangayo ndi mkazi. L'ho invitata a pranzo, apa l' ndi la, wakoka -a. Abbiamo camminato un po', kungoyenda. Siamo tornate a casa, amayi awiri, -e. Ho cucinato i fagioli e le sono piaciuti, nyembazo ndi zomwe zakoma ndiye -i. Masentensi asanu ndi awiri okha koma zonse zili momwemo, lembani anu otere a dzulo lanu usiku uliwonse nkumawanena mokweza.

Langizo langa, musadalire malamulo a pa bolodi, mverani mmene eni ake akuyankhulira m'basi ndi kumsika. Komabe mndandanda wa aneni a essere uja ulowezeni pamtima ngati katekisimu, ndipo muziloweza ndi sono wake yemwe, osati partire payekha koma sono partita, osati rimanere koma sono rimasta, chifukwa pamaso pa woyesa nthawi yodzifunsa "chani?" palibe. Kalasi musasiyenso ayi, aphunzitsi anuwo mwina zina amaphunzitsa bwino, ingowafunsani mawa pamaso pa anthu onse kuti nanga viaggiare bwanji muone nkhope yawo. Ndipo cholembera chikatsika papepala musatembenuze galimoto ngati ine, kuphonya kumodzi kapena kuwiri sikugwetsa munthu pa B1, amafuna kumva kuti nkhani ikuyenda, mukazindikira ingonenani scusi, ho camminato, nkupitiriza. Ngakhale kunena zoona sono camminata yomweyo ndi imene inayambitsa zonse, ndiye musaiphonye.

China ndaiwala, dovere, potere, volere amabwereka kwa mneni wotsatira, ho dovuto lavorare koma sono dovuta andare in questura. Mumsewu mumva ho dovuto andare kwambiri ndipo sakuimba nayo mlandu, koma polemba ikani sono dovuta. Mvula yokha ndiye mwapuma, è piovuto ndi ha piovuto zonse ndi zolondola.