Kugawa mndandanda wa katundu m'magulu: yambani ndi kolamu ya gulu

"Anzanga, ndili ndi mndandanda wa katundu wa mu sitoko, mizere 640 mu Excel, zonse zosakanikirana. Abwana akufuna ndiike m'magulu, gulu lililonse likhale ndi chiwonkhetso chake. Ndiyambire pati?"

Achemwali, kuwonkhetsako musakuope, ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Chimene chidye nthawi yanu ndi kupatsa mzere uliwonse gulu lake, ndipo n'pamene anthu ambiri amalakwitsa.

Musanakhudze kanthu, kopani tsamba lonselo n'kumagwirira ntchito pa kopeyo. Ndiyerekeze kuti kolamu A ili ndi dzina la katundu, B ili ndi chiwerengero, ndipo mzere woyamba ndi wa mitu. Pakabokosi kapadera lembani izi:

```
=SUM(B2:B641)
=COUNT(B2:B641)
```

Nambala yoyambayo ilembeni papepala, chifukwa ndiyo mudzayezere ntchito yanu pomaliza. Yachiwiri iyenera kukupatsani 640. Ikakupatsani 633, dziwani kuti mizere 7 ili yopanda kanthu kapena manambala ake analowa ngati mawu. Manambala otere amakhala kumanzere kwa kabokosi pomwe anzawo ali kumanja, kawirikawiri ndi kachizindikiro kobiriwira pakona, ndipo SUM imangowadumpha osanena kanthu. Akonzeni kaye, kenako muwonkhetsenso.

Tsopano tsegulani kolamu C, mutu wake Gulu. Musayambe kulemba magulu musanagwirizane ndi abwana anuwo. Ine ndimalemba mayina a magulu papepala kaye, osapitirira khumi, ndipo ndimafunsa woti akawerenge lipotilo ngati ndi mmene akufunira. Katundu wina amakhala ndi miyendo iwiri. Tepi yomatira mawaya, mwachitsanzo, wina aiika ku zamagetsi, wina ku zomatira. Sankhani kumodzi, ndipo chimene mwasankhacho chilembeni, kuti mwezi wamawa musaiike kwina. Gulu la "Zina" likhalepo, koma likayamba kutupa kuposa anzake ndiye kuti pali gulu lomwe mwaliiwala.

Kulemba gulu mzere umodziumodzi kasanu ndi kamodzi pa mphindi, dzuwa lilowa. Yatsani Filter, pa kolamu A mufufuze mawu monga "paipi". Patsala mizere ya mapaipi yokhayokha. Sankhani timabokosi ta C tomwe tikuoneka, lembani Zamipope kamodzi, n'kudina Ctrl+Enter, ndipo dzinalo lilowa monsemo. Chitani chimodzimodzi ndi "babu", "waya", "penti". Zotsala zochepazo mumalize pamanja. Mukaganiza kuti mwatha, `=COUNTBLANK(C2:C641)` ikuuzani ngati pali mzere wopanda gulu. Iyenera kupereka 0.

Njira zopezera chiwonkhetso zilipo zingapo, koma pa zomwe abwana anu akufuna, mndandanda wonse uoneke ndi chiwonkhetso pansi pa gulu lililonse, gwiritsani ntchito Subtotal ya pa Data. Musanaidine, zimitsani Filter ndipo sanjani mndandanda potengera kolamu C. Apa musathamange. Subtotal sidziwa magulu, imangoyang'ana pamene dzina la mu C lasintha n'kuikapo chiwonkhetso. Mukapanda kusanja, Zamagetsi zidzakhala ndi timawonkhetso makumi angapo tomwazikana mndandanda wonse. Posanjapo, Excel ikakufunsani, sankhani Expand the selection. Mukasanja kolamu C yokha, magulu asuntha koma mayina ndi manambala atsala pomwe anali, ndipo mababu apezeka ali ku zopentera popanda chokuchenjezani.

Mukasanja, pa At each change in sankhani Gulu, pa Use function sankhani Sum, pa Add subtotal to chongani Chiwerengero. Kumanzere kutulukira timanambala 1, 2, 3. Mukadina 2 muona magulu ndi ziwonkhetso zawo zokha, 3 ibweretsa zonse. Batani la Subtotal likakhala lotuwa, losadinika, ndiye kuti mndandanda wanu uli ngati Table, ndipo muyenera kuyamba mwaubweza ndi Convert to Range.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira, kuti muone ntchito ya nambala ya papepala ija. Mndandanda wanga unali ndi chiwonkhetso cha 5,318. Ine ndinafuna kathebulo kakang'ono pambali, ndiye ndinalemba mayina a magulu mu kolamu F, mu G n'kuika fomula iyi:

```
=SUMIF(C:C,F2,B:B)
```

Zamagetsi zinabwera 1,204, Zamipope 876, Zopentera 415, Zomangira 2,690. Kuphatikiza zonse, 5,185. Zinthu 133 zasowa. Ndinayang'ana kolamu C kuchokera pamwamba mpaka pansi kawiri, maso mpaka kuwawa, mzere uliwonse uli ndi gulu lake bwinobwino. Mnzanga wina ndiye anati ndiwerenge zilembo ndi `=LEN(C2)`. Mawu oti Zamagetsi ali ndi zilembo 9, koma mizere ina inkapereka 10. Amene anandithandiza kulemba ankadina kampata kumapeto kwa mawu, kosaoneka ndi maso, ndipo kwa Excel limenelo linali gulu lina. Mizere imeneyo itaphatikizidwa inakwana 133 ndendende. Mankhwala ake ndi `=TRIM(C2)` mu kolamu yatsopano, kukokera pansi, kukopa, n'kumata pa C ndi Paste Values. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono SUMIF sizisiyanitsa, koma kampata, kapena kulemba Zamagesi m'malo mwa Zamagetsi, imasiyanitsa.

Mukadutsira njira ya Subtotal vuto lomweli limabisala mwina. Grand Total ikhoza kufanana ndi nambala ya papepala, koma mukadina 2 mupeza Zamagetsi zikuoneka kawiri. Choncho muwerenge magulu amene atuluka, afanane ndi amene munalemba papepala.

Chinanso chimene chimachititsa manyazi pamaso pa abwana: ziwonkhetso zikalowa, musaikenso SUM yanu pansi pa kolamu B. Iwerenga katundu, iwerengenso ziwonkhetso za magulu, ndipo nambala ituluka yowirikiza kawiri, kapena katatu ikatenganso Grand Total. Mizere yomwe Excel yaika imagwiritsa ntchito `SUBTOTAL(9,...)`, yomwe imadumpha ma SUBTOTAL anzake, n'chifukwa chake Grand Total yake imakhala yoona.

Muonenso miyeso ya katundu wanu. Ngati m'gulu limodzi muli waya woyezedwa m'mamita, mababu owerengedwa limodzilimodzi ndi misomali ya m'mabokosi, chiwonkhetso cha chiwerengero chituluka ndithu, koma sichitanthauza kanthu. Zikatero onjezani kolamu ya mtengo wa chimodzi ndi ina yochulukitsa chiwerengero ndi mtengowo, ndipo Subtotal muiike pa yomalizayo. Nambala yoyezera papepala ikhalenso ya kolamu imeneyo.

Ngati mndandandawu muziuonjezera sabata iliyonse, Subtotal ikutopetsani, chifukwa katundu watsopano akabwera muyenera kudina Remove All, kusanjanso, n'kuikanso. Pamenepo ine ndingasankhe kathebulo ka SUMIF kaja, poti sikafuna kusanja ndipo kamasintha kokha, n'kuika Data Validation pa kolamu C kuti olemba azisankha gulu pa kamndandanda m'malo molitaipa. Koma ngati ndi lipoti la kamodzi loti lisindikizidwe, Subtotal ikukwanirani. Pofuna kutumiza ziwonkhetso zokha, dinani 2, sankhani zomwe zikuoneka, mudine Alt+; musanakope. Mukaiwala, mizere yonse 640 yobisika ija ibwera nawo pomata.