Nyenyezi zikafanana, katundu safanana

"Achemwali, ndikufuna kuyamba kuoda katundu kunja ngati inu. Ndapeza ogulitsa machaja awiri pa intaneti, onse ali ndi nyenyezi 4.2 pa 5. Ndingosankha aliyense?"

Musafulumire, achimwene. Dinani kaye pa nambalayo, muone m'mene nyenyezi zagawikira.

Tiyerekeze kuti aliyense wapatsidwa nyenyezi ndi anthu 100. Kwa woyamba, anthu 80 apereka 4 ndipo 20 apereka 5. Kuphatikiza zonse ndi 420, kugawa ndi 100 avereji ndi 4.2. Kwa wachiwiri, anthu 80 apereka 5 koma 20 apereka imodzi yokha. Zonse pamodzi ndi 420 yomweyo. Woyambayo katundu wake sadabwitsa munthu, komanso palibe amene walira naye. Kwa wachiwiri, munthu mmodzi pa asanu alionse wapsa mtima. Wogula chaja chimodzi akhoza kuyesa mwayi. Inu mukuoda katoni yathunthu, ndiye zowonongekazo zibwera limodzi, ndipo makasitomala adzazibweza kwa inu, osati kwa mwini fakitale ali kutali uko.

Chimene chimapotoza sikeloyi n'chakuti si onse ogula amene amalemba. Amalemba ndi amene wasangalala kwambiri, kapena amene mtima wamuwawa. Wapakatikati uja, amene akanapereka 3, amangokhala chete n'kumagwiritsa ntchito chaja chake. Onjezanipo kuti ogulitsa amapempha 5, ena mpaka kuika kapepala m'phukusi kolonjeza kamphatso, ndipo anthufe timachita manyazi kumumana nyenyezi munthu amene watiyankha mwaulemu. Pa msika wa pa intaneti wa eBay ogula ankaopanso kubwezeredwa ndemanga zoipa, mpaka mu 2008 kampaniyo inaletsa ogulitsa kupereka ndemanga zoipa kwa ogula. Ndiye ine 3 sindimuwerenga ngati pakati. Ngakhale 4.2 yanuyo nthawi zambiri imakhala kumunsi mukaiyerekeza ndi ya ogulitsa anzawo.

Chinandipweteka ine ndi nthawi imene anthu amalembera. Ambiri amapereka nyenyezi tsiku lomwe phukusi lafika: "lafika msanga, alongedza bwino." Chajacho asanachilumikize n'komwe! Ndinaodapo mahedifoni kwa wogulitsa wa 4.8, patangotha milungu itatu anayamba kubwerera, khutu limodzi lili zii. Nditabwerera kukawerenga, ndinapeza kuti ochepa amene analemba patapita mwezi ankadandaula zomwezo. Mawu awo anamira pakati pa oyamikira katoni.

Masiku ano ndimayambira ku ndemanga za nyenyezi 2 ndi 3, zatsopano poyamba, chifukwa olemba zimenezo amafotokoza chenicheni. Dandaulo limodzi likabwerezedwa ndi anthu osiyana, monga lakuti chaja chikutentha, ndimachoka. Wa 5.0 wochokera kwa anthu atatu okha sindimuwerengera, mwina ndi azibale ake. Pa awiri anuwo, amene alibe mulu wa nyenyezi imodzi muodeko machaja asanu kaye, muwagwiritse ntchito mwezi wathunthu musanatulutse mpamba wa katoni.