Kuwonkhetsa soya yekha, osasakaniza ndi mtedza

"Ndimagula mbewu pa Kamwendo kuno ku Mchinji, ndipo zonse ndimalemba mu Excel: tsiku, mtundu wa mbewu ndi makilogalamu. Mwezi ukatha ndimawonkhetsa soya payekha pa kakyuleta ya pa foni, tsiku lonse n'kuthera pomwepo. Kodi palibe njira yachidule?"

Ilipo achimwene, dzina lake ndi SUMIF, ndipo imagwira ntchito chimodzimodzi mu Excel ndi mu Google Sheets. Imafuna muiuze zinthu zitatu motsatana: koyang'ana, choyang'ana, ndi chowonkhetsa.

Tiyerekeze kuti tsiku lili mu mzere wotsika wa A, mbewu mu B, makilogalamu mu C, ndipo mitu ili pamwamba pa mzere 1. Kuyambira mzere 2 mpaka 7 mwalemba motere: soya 120, mtedza 45, soya 80, chimanga 200, mtedza 30, soya 50. Mu kabokosi kopanda kanthu lembani izi:

```
=SUMIF(B2:B7,"soya",C2:C7)
```

Kompyuta itsika mu B. Paliponse pamene yapeza soya, itenga nambala yoyang'anizana naye mu C. Yankho likhala 250. Ikakukanirani, yesani kuika chizindikiro cha ; m'malo mwa makoma aja, makompyuta ena anatcheredwa choncho.

Ineyo sindikonda kulemba dzina la mbewu m'kati mwa fomula. Lembani soya mu E2, mtedza mu E3, chimanga mu E4, kenaka mu F2 muike iyi ndi kuikokera pansi:

```
=SUMIF($B$2:$B$500,E2,$C$2:$C$500)
```

Zizindikiro za $ zija zili ngati zikhomo. Popanda izo, mukakokera pansi malire nawonso amatsetsereka, mzere 2 n'kutsala kunja. Ndafikitsa pa 500 kuti zogula za mawa zizilowa zokha. Onetsetsaninso kuti B ndi C ziyambire pa mzere umodzi. Ina ikayambira pa 2 ina pa 3, makilogalamu a mtedza aziwerengedwa ngati a soya.

Tsono mundimvetsetse apa, chifukwa m'pamene ambiri amagwera. SUMIF siidandaula. Ikalephera kuzindikira mzere wina imangoudumpha mwakachetechete, n'kukupatsani nambala yooneka bwinobwino. Zoti mwalemba Soya kapena SOYA zilibe kanthu, zilembo zazikulu ndi zazing'ono imaziona chimodzimodzi. Koma ntedza ndi mtedza kwa iyo ndi mbewu ziwiri zosiyana. Choipa kwambiri ndi kampata kosaoneka ndi maso. Mnyamata wa pa sikelo akalemba soya pa mzere 7 n'kugunda batani la mpata asanachoke, yankho litsika kufika pa 200, thumba lathunthu la makilogalamu 50 osaoneka. Zinandichitikirapo ndikuthandiza m'bale wanga wogula nyemba. Tinayamba kukayikira wolondera pa shedi, pamene wakuba anali kampata.

Mbali ya manambala nayonso ili ndi msampha wake. Mukalemba 50kg, kompyuta imati amenewo ndi mawu, ndipo mawu siiwonkhetsa. Ngati simunasinthe kaimidwe ka zolemba, nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi, pamene yosanduka mawu imatsamira kumanzere. Lembani 50 basi, kg ikhale pa mutu pamwamba.

Mudziwa bwanji kuti china chadumphidwa? Wonkhetsani zonse m'njira ziwiri, n'kuchotsera:

```
=SUM(C2:C500)-SUM(F2:F4)
```

Pa chitsanzo chathu, 250 kuphatikiza 75 kuphatikiza 200 ndi 525, ndipo C yonse ndi 525, choncho pazituluka 0. Pakatuluka 50, sakani mzere wa makilogalamu 50, dzina lolakwika lili pomwepo. Koma kabokosi kameneka sikagwira vuto la 50kg lija, chifukwa SUM nayonso imadumpha mawu. Limenelo n'lofuna maso anu.

Ena angakuuzeni kuti mulembe "soya*" ndi kanyenyezi, kuti itenge chilichonse choyamba ndi soya. Zoona, kampata ka kumapeto kamagonja. Koma ndi mtedza chenjerani: "mtedza*" iphatikiza mtedza woswa ndi wosaswa pamodzi, chikhalirecho mitengo yake ndi yosiyana. Ine ndikanakhala inu ndikanatseka khomo lolowera zolakwazo. Sankhani B2 mpaka B500, pitani pa Data, kenaka Data Validation, pa Allow musankhe List, ndipo pa Source muloze E2 mpaka E4. Kuyambira pamenepo wolemba azingosankha mbewu pa kamndandanda, dzina lachilendo kompyuta izilikana. Mizere yakale yokha siikonzeka, imeneyo muikonze pamanja kamodzi.

Tsiku lina mukadzafuna soya wa kwa mlimi mmodzi yekha, mudzafunika SUMIFS, koma samalani: kumeneko chowonkhetsa chimayamba, koyang'ana ndi choyang'ana kumabwera pambuyo.