Mwambo wa malowolo ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo: champhamvu ndi chiti pa chuma cha masiye?

"Mkulu wanga amuna ake adamwalira mwezi watha, sadasiye wilu. Achimwene a malemu abwera kuchokera kumudzi akuti poti adalowola, nyumba ya ku Mchengautuwa ndi minibasi ndi za banja lawo, ndiwo mwambo. Ana alipo atatu. Kodi mwambo ungapose lamulo la boma?"

Pepani ndi maliro, achemwali. Pa nkhani ya nyumba ndi minibasiyo mwambo sungapose lamulo. Auzeni akulu anu asatuluke m'nyumbamo, asapereke makiyi kapena mapepala a galimoto, ndipo asasaine chilichonse pa msonkhano wa banja. Chifukwa chake ndifotokoza bwino, poti pokambirana ndi alamu pamafunika kudziwa pomwe mwaponda.

Malamulo a dziko lino amachokera malo angapo ndipo mphamvu zake sizilingana. Pamwamba pali malamulo oyendetsera dziko a 1994, aja timati Konsitityushoni. Gawo 5 likunena kuti lamulo lililonse lotsutsana nawo ndi lopanda mphamvu pa mbali yomwe likutsutsanayo. Pansi pake pali malamulo opangidwa ku Nyumba ya Malamulo, ndipo gawo 48 likuti amenewa ali pamwamba pa mitundu ina yonse ya malamulo. Mitundu inayo ndi iwiri. Wina ndi malamulo ochokera m'zigamulo za makhoti, omwe maziko ake tidatengera ku Mangalande monga adalili pa 11 Ogasiti 1902, ndipo oweruza athu akhala akuwaumba kuti ayenerane ndi kuno. Winawo ndi mwambo. Gawo 200 lidalola iwiri yonseyi kupitirira kugwira ntchito, bola isasemphane ndi malamulo oyendetsera dziko.

Choncho alamuwo sakunama akamati mwambo ndi lamulo. Ndi lamulo ndithu, makhoti amaulemekeza. Koma umalamula pokhapo pomwe Nyumba ya Malamulo sidayankhulepo, ndipo pa chuma cha munthu womwalira idayankhula kale momveka.

Mu 2011 kudakhazikitsidwa lamulo latsopano la chuma cha masiye. Gawo 4 la lamuloli lidatseka khomo: palibe amene angalowe chuma cha malemu podalira mwambo, koma m'njira yomwe lamulolo lanena basi. Munthu akamwalira wopanda wilu, gawo 17 likuti chuma chipite kwa a m'nyumba mwake, kutanthauza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, pamodzi ndi omwe ankadalira malemu pa moyo wawo. Katundu wa m'nyumba, monga mabedi, mipando ndi ziwiya, amatsala ndi wamasiye. Mchimwene wamkulu amene ali ndi munda wake ndi banja lake sawerengedwa chifukwa cha ubale chabe.

Pali chinthu china chomwe chimathandiza kumvetsa akuluakulu akumudzi m'malo mongowada. Lamulo lakale la 1967 linkaperekadi gawo la chuma kwa olowa chuma mwa mwambo, ndipo m'maukwati a malowolo linali theka. Ambiri adaona zikuchitika choncho pa maliro a bambo awo ndi amalume awo, ndiye sadziwa kuti lamulo lija lidafafanizidwa. Kulifafaniza sikudali kupeputsa Atumbuka kapena Angoni. Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko lidalamula kuti papangidwe malamulo othetsa miyambo yosala amayi, ndipo likutchula mwachindunji kulandidwa katundu, kuphatikizapo wa masiye. Ine zimandiwawa kuona mayi yemwe adaumba nawo njerwa akutuluka m'nyumba ndi chikwama chimodzi, pomwe lamulo lidamuteteza kalekale.

Tiyeni tiike nkhani ya akulu anu pa mphasa. Choyamba khoti lifuna kudziwa kuti chuma cha malemu ndi chiti, poti chogawidwa ndi chake chokha. Apa ndi pomwe zigamulo za makhoti zimagwira ntchito, chifukwa lamulo lolembedwa silingatchule nyumba iliyonse. Oweruza amayang'ana dzina lomwe lili pa mapepala a puloti, cholinga chomwe awiriwo adali nacho pogula, ndi zomwe aliyense adathirapo. Ngati akulu anu ankagulitsa mumsika n'kumagula malata ndi simenti, gawo lawo pa nyumbayo si chuma cha masiye, ndi lawo kale. Asonkhanitse malisiti, mapepala a ngongole ya kubanki kapena ya banki mkhonde, ndi mayina a amisiri omwe ankawalipira. Chigamulo cha Khoti la Apilo chimamanga Khoti Lalikulu, ndipo cha Khoti Lalikulu chimamanga amajisitireti, kotero loya wabwino amapeza milandu yakale yofanana ndi yanu.

Chotsalacho ndiye chimagawidwa pakati pa mayi ndi ana atatu aja, poyang'ana kuti wina asagwe m'mavuto, ndipo mwana wamng'ono amaganiziridwa kwambiri poti ulendo wake wa sukulu ukadali wautali. Apa ndikuchenjezeni zinthu ziwiri zomwe mabanja sakonda kumva. Ngati amayi ake a malemu ankadya za m'manja mwa mwana wawo, nawonso ali ndi gawo monga womudalira, ndipo kuwamana ndi kuphwanya lamulo lomwelo. Ngati kutulukira mwana wa kunja ndipo zatsimikizika kuti ndi wa malemu, amawerengedwa mofanana ndi anzake.

Nanga mwambo ukutsala pati? Ukadali ndi ntchito, ndipo pa mlandu uwu ukhoza kuthandiza akulu anu. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa mwambo mofanana ndi wa kutchalitchi kapena wa kwa DC. Alamu akamanena okha kuti adalowola, ndiye kuti akuchitira umboni kuti mayiyu ndi mkazi wa malemu, zomwe zikumuika pa mzere woyamba wa olandira. Komanso dziwani kuti kukhoti mwambo sungonenedwa pakamwa. Gawo 64 la lamulo la makhoti likuti uyenera kutsimikizidwa ndi umboni, ndiye woudalira amabweretsa mafumu kapena akuluakulu oudziwa, poti wa ku Mzimba si wa ku Nkhata Bay kapena wa ku Dedza. Malo a kumudzi, minda ya makolo ndi ufumu ndi nkhani ina: kumeneko mwambo ndi mafumu ali ndi mawu amphamvu, ndipo musayembekezere kuti munda wa banja la malemu ugawidwa ngati puloti ya m'tauni.

Zochita tsopano ndi izi. Atenge chikalata cha imfa ndi umboni wa ukwati, alembe katundu yense, ajambule zithunzi pali mboni. Kenako apemphe kalata ya khoti yowapatsa mphamvu zoyang'anira chuma cha malemu. Popanda kalatayi palibe woyenera kugulitsa minibasi kapena kutapa ndalama kubanki, ngakhale akulu anu omwe. Khoti Lalikulu lili konkuno ku Mzuzu, ndipo ngati ndalama ya loya palibe, apite ku ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, yomwenso ili mumzinda muno. Alamu akayamba kunyamula katundu kapena kusintha maloko, pitani kupolisi tsiku lomwelo, ku nthambi yothandiza ozunzidwa, chifukwa lamulo la 2011 lidaika kulanda chuma cha masiye kukhala mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo. Loya angathenso kupempha khoti chiletso choti katundu asasunthe mpaka nkhani itaweruzidwa.