Uthenga wotseka maoda a Khirisimasi

"Ndimasoka zovala ku Yeoville, mu Johannesburg. Ndilembe chiyani pa WhatsApp maoda asanatseke?"

Achimwene, yambani ndi tsiku lotseka, poti ambiri amangowerenga mzere woyamba. Muliwerengere chobwerera: ngati makasitomala akukwera basi ya ku Blantyre pa 15 Disembala, ndipo diresi limakutengerani masabata awiri, tsekani pa 1 Disembala. Lembani chonchi: "Maoda atseka pa 1 Disembala. Bweretsani chitenje, tikuyezeni, mulipire theka. Zovala mudzatenga pofika pa 15." Thekalo musalisiye, chifukwa wongolonjeza pakamwa amasowa nsalu mutadula kale.

Koma mukautumiza pa Broadcast, njira ya WhatsApp yotumizira anthu ambiri nthawi imodzi, uthengawu umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Mukaona kuti uthenga wopita kwa wina uli ndi kachizindikiro kochonga kamodzi kokha mpaka mawa, ameneyo mulembereni payekha.