Posita ya A3 ikasanduka kapepala ka A6: zilembo zimathawira kuti?

"Ndine mlembi wa kwaya ya kumpingo kwathu. Ndinakonza posita ya A3 pa Canva yolengeza tsiku lathu loimba, ndipo inatuluka bwino. Titafuna timapepala ta A6 togawa pakhomo la tchalitchi, ndinangoichepetsa. Kapepala koyesera kabwera, koma mayina a makwaya sakuwerengeka, ndipo nambala ya foni yapansi yadulidwa. Ndikonze bwanji?"

Mayi, chomwe chakupusitsani ndi kufanana kwa mapepalawa. Kuyambira A3, A4, A5 mpaka A6, onse ali ndi mpangidwe umodzi, choncho posita ikachepetsedwa imakwanira ndendende, ndipo pa sikirini imaoneka ngati ntchito yatha. Koma A3 ndi mamilimita 297 m'lifupi ndi 420 m'litali, pomwe A6 ndi 105 ndi 148 basi. Chilichonse chomwe chinali pa posita chatsala 35 peresenti ya msinkhu wake. Kuti musavutike ndi masamu, ingogawani muyezo uliwonse patatu.

Tiyeni tigawe. Tinene kuti mutu wa posita unali wa mapoyinti 120, womwe ndi muyezo wa kukula kwa zilembo. Pa kapepala utsala 42, ndipo ukadali waukulu bwino. Tsiku ndi malo ngati zinali za 48 zitsala 17, palibe vuto. Koma mndandanda wa makwaya, womwe anthu ambiri amaulemba pa 18, utsikira pa 6, ndipo timawu tapansi ta 14 titsikira pa 5. Apa ndi pomwe panafera kapepala kanu. Mawu oti munthu awerenge atagwira pepala m'manja ine sindiwatsitsa kupyola pa 8, ndipo pagulu ngati la kutchalitchi, pomwe pali azigogo osiya magalasi kunyumba, 9 kapena 10 ndiye zabwino. Mawu oyera okhala pa mtundu wakuda amafuna kukulirapo ndi kunenepa, chifukwa inki yozungulira imalowerera m'timizere ta zilembo n'kuzitseka. Zilembo zopotanapotana zija, zonga zolemba pamanja, zisiyeni pa mutu pokha.

Ndiye musachepetsenso posita yonse pamodzi. Tsegulani tsamba latsopano kudzera pa `Custom size`, muike mamilimita 105 ndi 148, kenako muzibweretsa zinthu chimodzichimodzi. Yambani ndi mawu ang'onoang'ono, osati mutu. Ikani tsiku, nthawi, malo, mtengo wolowera ndi nambala ya foni pa msinkhu wowerengeka, ndipo malo otsalawo ndi omwe mutu ndi chithunzi zigawane. Anthu ambiri amayamba ndi chithunzi chifukwa ndi chokongola, kenako n'kumapanikiza nambala ya foni m'kangodya.

Mukatero muona msanga kuti sizikukwana zonse, ndipo sizingakwane, chifukwa timapepala ta A6 timalowa 8 m'pepala limodzi la A3. Pamafunika kudula mawu. Ngati makwaya oitanidwa ndi 10, tchulani atatu odziwika n'kuwonjezera kuti "ndi ena ambiri". Manambala a foni atatu akhale imodzi. Ndikudziwa kuti kukomiti nkhani imeneyi imavuta, poti aliyense amafuna dzina lake lioneke, makamaka amene anathandizapo ndi ndalama. Kothawira kulipo: kapepala kali ndi kuseri, posita ilibe. Mndandanda wonse, ndondomeko ya tsikulo ndi zizindikiro za othandiza zipite kuseriko. Kusindikiza mbali ziwiri kukakwera mtengo, ganizirani za A5, yomwe ndi mamilimita 148 ndi 210. Pamenepo zinthu zimatsika ndi theka lokha, moti mawu a 18 amakhala 9 popanda kuwakhudza.

Tsopano za nambala yodulidwa ija. Osindikiza sadula kapepala kamodzikamodzi. Amasindikiza timapepala tambiri pa pepala lalikulu, n'kuunjika mulu, mpeni wa makina n'kutsika kamodzi. Mpeniwo umatha kuphonya ndi milimita imodzi kapena ziwiri, ndipo pepala lenilenilo limasunthako pang'ono podutsa m'makina. Pa posita yanu nambala mwina inali mamilimita 6 kuchokera m'mphepete, zomwe pa A3 sizinali vuto. Itachepetsedwa, mpatawo unatsala mamilimita 2, kutanthauza kuti nambala inalowa m'njira ya mpeni. Zilembo zimachepa, mipata imachepa, koma kuphonya kwa mpeni kumakhala komweko.

Pachifukwa chimenechi mipata imayezedwa mwatsopano pa kapepala. Siyani mamilimita 5 mbali zonse zinayi, pomwe simuikamo mawu, nambala kapena chizindikiro chilichonse. Ena amalola 3, koma ine ndimakonda 5 chifukwa sindidziwa kuti makina odulira a kumene mukupitako ndi akale bwanji. Malo anu enieni olembapo ndi mamilimita 95 m'lifupi ndi 138 m'litali. Kokani mizere yolondolera pamalirewo, ndipo chilichonse chowerengedwa chikhale mkati mwake.

Mtundu wakumbuyo ndi zithunzi zofika m'mphepete zimafuna zosiyana. Izo zipitirire kunja kwa mzere wodulira ndi mamilimita 3, zomwe osindikiza amazitcha bulidi. Mukapanda kutero, mpeni ukaphonyera kunja, m'mbali mwa kapepala mumatsala kamzere koyera. Ndi bulidi, tsamba lonse limakhala 111 ndi 154. Pa Canva yatsani `Show print bleed`, mukokere mtundu ndi chithunzi mpaka kumalire akunjawo. Ngati posita inali ndi bulidi kale, musaidalire, poti itachepetsedwa inatsala milimita imodzi.

Ngati posita ili ndi mzere wokongoletsa wozungulira m'mphepete, uchotseni. Pa pepala lalikulu kuphonya kwa milimita imodzi sikuoneka, koma pa kapepala kakang'ono mzerewo umaulula zonse: mbali imodzi mpata wa 4, mbali inayo wa 2, ndipo aliyense amaona kuti kapendekeka. Khodi ya QR nayo muiyezenso. Ya masentimita 4 imatsala 1.4, ndipo mafoni ambiri amavutika nayo. Ikhale masentimita 2 kapena kuposa, ndi kampata kopanda kanthu mozungulira. Zithunzi zokha ndiye sizidandaulitsa, chifukwa chithunzi chikachepa chimaoneka chakuthwa kuposa kale. Kungoti chithunzi cha kwaya yonse chimasanduka timadontho ta mitu, choncho chiduleni patsale nkhope zochepa.

Potsitsa fayilo sankhani `PDF Print` n'kuchonga `Crop marks and bleed`. Mukamatumiza pa WhatsApp, itumizeni ngati `Document`, osati ngati chithunzi, chifukwa chithunzi amachifinya ndipo zilembo zazing'ono ndizo zimayamba kuwonongeka. Auzeninso osindikizawo kuti msinkhu womaliza ndi A6, kuti asaikoke okha.

Pali msampha wina ngati mukukasindikiza pa kashopu ka fotokope, pomwe amaika timapepala tinayi pa A4. Tinayi ta A6 timadzaza A4 yonse popanda malo a bulidi, ndipo makina ambiri a muofesi sasindikiza mpaka kumphepete kwenikweni, amasiya mamilimita angapo oyera. Zotsatira zake n'zakuti amachepetsanso ntchito yanu kuti ikwane, kapena m'mphepete mumadyedwa. Kumalo otere ndi bwino kukonza kapepala kakumbuyo koyera, kopanda mtundu wofika m'mphepete, ndipo mpata wa mawu muukweze ufike 7.

Musanalipire timapepala tonse, sindikizani kamodzi pa `Actual size`, osati `Fit`, mukadule ndi sizasi n'kuyeza ndi lula ngati kalidi 105 ndi 148. Sikirini musaikhulupirire, chifukwa pamenepo mumakulitsa ndi zala. Kapatseni munthu wachikulire wa m'kwaya mwanu, awerenge mokweza tsiku, malo ndi nambala ya foni. Akakayandikitsa kumaso kapena akasokoneza 3 ndi 8, kwezani mawuwo ndi poyinti imodzi, muchotse mzere wina kuti malo apezeke, n'kusindikizanso koyesera.