Chotupa cha pakhosi pa mwana, foto yokha siyinganene

"Abale ndithandizeni, mwana wanga wa zaka 6 watupa m'mbali mwa khosi, masabata atatu tsopano. Foto ndi iyo, ndi chani chimenechi, ndimugulire mankhwala anji? Ndili kwa Bembeke."

Asisi pepani ndi matenda, koma chonde musagule kaye mankhwala, mupite naye pa Dedza boma akamuone ndi manja. Amene akukuuzani kuti ndi matsagwidi kapena chithupsa akungoganizira. Pa foto mwanabere wamba, chithupsa cha mafinya, TB ya mwanabere ngakhale khansa ya ana zonse zimaoneka chimodzimodzi, kakhungu kotukuka basi, ndiye kukula kwake tidziwa bwanji poti foni mukaiyandikitsa kanthu kakang'ono kamaoneka ngati dzira.

Adokotala akagwira amamva zomwe kamera siyingatole. Amadina pang'ono n'kuyang'ana nkhope ya mwana, ngati akuzinda ndi ululu ndipo pamalopo n'potentha, nthawi zambiri ndi tizilombo tangolowa kumene. Pakamabonyeka ngati muli madzi ndiye kuti mafinya asonkhana, pamenepo mapilitsi okha mwina sangathe, pamafunika kuboola kuchipatala. Chimene chimawadetsa nkhawa kwambiri ndi chotupa chosawawa, cholimba, chosasuntha akachikankha ndi chala, kapena timibulu tingapo tomatana pamodzi, makamaka chikaposa masentimita 2 ndipo masabata akupita osaphwa. Anthu timaona ngati chosawawa ndiye chabwinoko, ayi ndithu.

Komanso samathera pakhosi pompo. Amuyasamulitsa kuona kummero ndi mano, aona m'makutu, afunyulula tsitsi kufuna chipere kapena zilonda, chifukwa kawirikawiri gwero limakhala kumeneko ndipo mwanabere amangotupa polimbana nalo. Kenako apapasa m'khwapa ndi m'mphechepeche, adina pamimba kumva ngati kapamba watupa, ayeza kutentha kwa thupi, amukweza pa sikelo n'kufananiza ndi zakale za m'buku lake. Inu mwajambula mbali imodzi, iwo mwina akapeza zina zomwe simunaziwone n'komwe.

Ndi zimene apezazo zomwe zimawauza chochita, kaya mankhwala a masiku ochepa, kaya kuyeza magazi, ekisileyi ya pachifuwa, kapena kutengako pang'ono pa chotupacho kuti akaunike. Zambiri zimakhala mwanabere wamba, musataye mtima, ndipo ikakhala TB mankhwala ake ndi aulere ku chipatala cha boma.

Tengani buku lake la kuchipatala, ndipo mukawauze ngati akuonda, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi, kapena ngati pakhomo pali amene akutsokomola nthawi yaitali. Musachifinye, musateme mphini, ndipo amokisilini wa pagolosale musiyeni, amangosokoneza zizindikiro. Masabata atatu akwana, pitani mawa m'mawa. Koma akayamba kuvutika kupuma kapena kumeza, khosi kuuma, kapena chotupacho chikamakula moonekeratu tsiku ndi tsiku, musadikire kuti kuche.